Benard Chulu ndi Msonkho wa Anthu Akufa

Ku Kabwata munthu akamwalira, achibale amayamba aimbira a Benard Chulu, kenako n'kumakumbukira kuti kulinso abusa. Sikuti a Chulu ndi dokotala kapena mkulu wa mpingo ayi. Iwo amagulitsa misomali, maloko, penti ndi mapaipi m'kashopu ka pamsika, kamene munthu wonenepa amalowamo chammbali. Koma maliro amawadziwa ngati momwe anzawo amadziwira mpira. Amadziwa kogula bokosi losatsegula pansi, mwini basi amene safika manda atakwiriridwa kale, komanso khomo loyenera kugogoda ku khonsolo pofuna chilolezo cha kumanda. Amadziwanso kuti pa maliro nkhuku zimatha msanga kuposa misozi.

Anabwera ku Lusaka kuchokera ku Katete mu 1988, ali ndi jekete imodzi ndi mawu aakulu. Anagwira ntchito zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi m'sitolo ya zomangira ku Kamwala, ndipo itatha ntchitoyo anatsegula kashopu kaja ndi ndalama zimene anawapatsa potsanzikana. Utcheyamani wa maliro unawagwera mwangozi. Amalume awo atamwalira, abale anatanganidwa n'kukanganirana wailesi ya malemu, mtembo uli ku chipatala tsiku lachinayi. A Chulu anaimirira, nakuwa kamodzi, natulutsa kope ndi cholembera. Kuyambira tsiku limenelo kope silinachoke m'thumba la jekete.

Ndisabise, bamboyu ndimam'konda, koma matama ali nawo. Amayenda ngati Kabwata yense anam'gula ndipo akungodikira mapepala. Pa maliro ndalama zikavuta, achibale akayamba kuyang'ana pansi, iwo amakweza dzanja n'kunena kuti, "Musavutike, zakwana!" Mawu amenewa ndi amene anawapatsa mbiri yoti ndi munthu wolemera. Anthu ankati kashopu kaja n'kongophimbira, a Chulu ali ndi maploti ku Makeni. Iwo akamva zimenezi sankatsutsa, ankangotsokomola mwaulemu.

Tsono ndalama za maliro zinali ndi njira yake. Zimene anthu aponya m'mbale, zimene atumiza pa foni ana a malemu ali ku Kitwe kapena ku Joni, zimene asonkha a kuntchito, zonse a Chulu ankaziika ku banki kuopa manja aatali a pa maliro. Akaunti anali nayo imodzi yokha, ya shopu. M'menemo ndalama zinkagona masiku awiri kapena atatu, kenako n'kutuluka kupita kwa wa bokosi, wa basi, wa tenti ndi wa nkhuku. Kwa iwo nkhani inali yosavuta: zalowa, zatuluka, munthu waikidwa.

Msonkho wa shopu ankalipira, pamenepo tisawanamizire. Mabizinesi ang'onoang'ono ngati awo amakhomera msonkho pa zonse zimene agulitsa, osati pa phindu, ndipo m'zaka zimenezo unali makwacha anayi pa makwacha zana aliwonse. Mwezi ndi mwezi ankapita kwa munthu wa makompyuta pamsika pomwepo, n'kumuuza kuti agulitsa za K10,000 kapena chapompo, iye n'kutumiza. Kumayambiriro kwa 2025 a ofesi ya misonkho anawalembera kuti abweretse masitetimenti a ku banki a zaka ziwiri zapitazo. A Chulu anavala jekete ya pa maliro napita nawo okha, osauza munthu kunyumba.

Kumeneko mtsikana wa pa desiki anawerenga mapepala aja, nadzutsa mutu. Anati m'zaka ziwiri mu akaunti mwalowa K900,000, pamene iwo ananena kuti agulitsa za K240,000 zokha. Kodi zinazo zachokera kuti? Pa benchi kumbuyo kwawo panali anthu asanu ndi awiri, ena a ku Kabwata komwe, makutu ali tcheru. Munthu wanzeru akananena za maliro. A Chulu anakonza kolala, natsokomola.

"Ni bizinesi, mayi. Tima sebenza."

Mtsikana uja analemba zimenezo. Boma silitsutsa munthu akamadzitama.

Kalata inatuluka pa 3 Malichi. Inati K660,000 imene sanaitchule aiwerengera ngati malonda, msonkho wake ndi K26,400, ndipo pamodzi ndi zilango ndi chiwongoladzanja a Chulu alipire K48,000. Katundu yense wa m'shopu, kuphatikiza mashelefu ndi mpando wa eni ake, sakanafika pamenepo. Ndiye mukuganiza kuti anatani? Anaipinda bwinobwino kuti mzere wa K900,000 ukhale pamwamba, nayamba kuionetsa anzawo pamsika. "Onani mwamene boma itivutila ise ba bizinesi," ankatero, nkhope ili ngwee. Mantha anali nawo, koma aka kanali koyamba kuti boma lenileni lilembe pa pepala kuti Benard Chulu ndi munthu wa ndalama. Anayenda nayo kalatayo masiku khumi ndi asanu ndi anayi.

Anaipeza ndi akazi awo a Helen, pofuna kuchapa jekete. Mayiwa anagwira ntchito ya ukalaliki zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi mu ofesi ya sukulu ina ya sekondale ku Kabulonga, ndipo ndi munthu amene amawerenga ndi timalemba tating'ono ta pansi pa botolo la mankhwala. Anaiwerenga kalatayo kawiri ataimirira pa beseni. Kenako anapukuta manja, napita m'nyumba momwe amuna awo ankamwa tiyi.

"Batate bake Thandizo, iyi kalata inabwela liti?"

"Ah, izo ni za ku bizinesi, amake mwana. Nizaona mochitila."

"Nafunsa kuti inabwela liti. Apa balemba kuti ngati simuvomela, mulembe kalata yokana pakalibe kusila masiku sate. Yasala ileveni. Mukachedwa, ninshi mwavomela. Bazauza banki ibapase ndalama zanu, zikachepa bazabwela kutenga katundu. Muzagulisa chani, matama?"

A Chulu anayesa kunena kuti ali ndi mnzawo amene mlamu wake amagwira ntchito kumeneko. A Helen anapinda kalatayo naisunga. Lolemba m'mawa analemba okha kalata yokana, yaifupi ngati uthenga wa maliro: nambala ya msonkho ya a Chulu, nambala ndi tsiku la kalata ya boma, ndi chifukwa chimodzi chomveka, chakuti K660,000 ija si malonda koma zopereka za maliro zimene zinangodutsa mu akaunti, ndipo umboni abweretsa. Anapanga makope awiri. Ina anaisiya ku ofesi, inayo anaumirira kuti aidinde sitampa ya tsikulo n'kubwerera nayo. Patapita masiku anauzidwa tsiku lokaonana ndi wa misonkho woyang'anira nkhani yawo. Anatsala ndi milungu itatu, ndipo anachenjezedwa kuti kukana sikuimitsa chiwongoladzanja.

Loweruka lotsatira a Helen anachotsa maluwa apulasitiki pa tebulo nauza amuna awo kuti abweretse chilichonse chokhudza maliro. A Chulu anatulutsa sutikesi pansi pa bedi. Munali makope khumi ndi anayi a zopereka, ena onunkha utsi, malisiti opindidwa ngati fodya, ndi mulu wa mapulogalamu a maliro okhala ndi zithunzi za malemu akumwetulira. Mapulogalamuwo ankawasunga chifukwa pa tsamba lomaliza pamakhala mzere wothokoza tcheyamani.

"Nizabafotokozela chabe," anatero a Chulu. "Nikayamba kukamba bazamvela. Ine pa manda bantu bamakhala zii."

"Pa manda palibe amene afunsa lisiti. Khalani pansi."

A Helen anamata mapepala anayi aakulu, najambula mizere ndi rula. Mzere woyamba dzina la malemu ndi tsiku lomwalira. Wachiwiri masiku amene ndalama zinalowa ku banki ndi kuchuluka kwake. Wachitatu masiku amene zinatuluka ndi kumene zinapita. Womaliza nambala ya pepala lochitira umboni. Anatenga sitetimenti ya ku banki, naika rula pansi pa mzere woyamba wa Januwale 2023, nayamba kuitana ngati mphunzitsi.

Apa ndi pamene panaoneka kuti a Chulu sadziwa madeti. Mukawafunsa za pa 14 Febuluwale amangokuyang'anani. Koma a Helen akati, "K6,500 kuchokera kwa Davies Mwale," iwo ankalumpha: "Uyo ni mwana wa ba Mwale ba ku njanji! Tinabaika pa Chisanu, mvula inatipanda ku manda ya Chingwere, basi inatitimila." Ndiye ankafufuza pulogalamu ya a Mwale, tsiku n'kupezeka, kope la zopereka n'kugwirizana ndi banki. Kalendala ya bamboyu inali anthu akufa. Mwezi umene sikunafe munthu sankaukumbukira n'komwe, ngakhale unali mwezi umene mwana wawo Thandizo anakwatiwa.

Ndalama iliyonse yolowa a Helen ankaipaka utoto: wobiriwira ngati ndi ya misomali ndi penti, wachikasu ngati ndi ya maliro. Pomafika Lachitatu masitetimenti anali achikasu ngati munda wa mpendadzuwa, zobiriwira zili apo ndi apo. Maliro anakwana makumi awiri ndi awiri. Aliwonse anapatsidwa envulopu yake ndi nambala yake motsata masiku, ndipo m'katimo munalowa pulogalamu, masamba a kope la zopereka ndi malisiti, zonse zojambulidwa pa fotokope. Zenizeni anaziika m'chikwama china. "Izi bazaona chabe na maso," anatero a Helen, "sitisiya."

Chimene sanayembekezere chinatuluka powonkhetsa. Maliro a Mwale, zolowa K27,000, zotuluka K28,900. Otsatira, zolowa K19,400, zotuluka K22,000. A Helen anaganiza kuti alakwitsa, nabwereza. Ayi ndithu, pafupifupi maliro aliwonse ankatulutsa zambiri kuposa zimene analowetsa. Atawonkhetsa zonse, kusiyana kunali K38,000, yochokera m'thumba la a Chulu. Anavula magalasi, nayang'ana kudenga, pamene panali chigamba cha madzi a mvula chimene chinakhalapo zaka zitatu.

"So ndiye 'zakwana' wanu uyu?"

A Chulu anayang'ana zala zawo.

"Ine zaka zonse izi nenze kuganiza kuti muli na mukazi ku Chelstone. Nenze namupasa na nkhope, mukazi wamene adya ndalama za malata yanga. Kanshi ni ba Mwale!"

"Manje nikanachita bwanji, amake mwana? Muntu agone ku mochale chifukwa cha thu sauzande? Bana bake balipo apo, bakuyang'ana."

A Helen anafuna kukalipa, mawu anali okonzeka kale pa lilime, koma anapezeka akuseka mpaka kugwira tebulo. Mkwiyo unalipo, chisoni chinaliponso, ndipo pansi pa zonsezo anapeza kuti chitsiru chimenechi amachikondabe. Anavalanso magalasi nanena kuti nkhani ya malata aikamba akamaliza ya boma.

Panatsala chinthu chimodzi, ndipo ndi chimene chinawawa. Makope a zopereka anali olembedwa ndi a Chulu okha, choncho a Helen anati pafunika mawu a anthu ena. Banja lililonse lipereke fotokope ya chilolezo cha kumanda, lisainenso kalata yaifupi yonena kuti pa maliro a uje, ndalama zakuti zinasonkhedwa kudzera kwa a Chulu, ndipo zakuti zinagwiritsidwa ntchito. Manambala onse awiri, pa pepala limodzi, pamaso pa namfedwa.

"Iyayi!" anatero a Chulu. "Bazaziba kuti zenze sizinakwane. Bazazibanso kuti nilibe kantu. Lembani chabe zolowa."

"Zolowa zeka zionesa kuti munalandila. Zochoka ndiye zionesa kuti simunadye. Sankani, shopu olo mbili."

A Chulu anakhala tsiku lathunthu osasankha. Mawa lake anapita kushopu, nakhala pa mpando wawo, nayang'ana maloko amene anawapachika okha ndi manja awo zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu zapitazo. Popanda kashopu kameneka iwo akanakhala nkhalamba yodikira kuti mwana atumize ya malaiti. Masana anatseka, natenga makalata aja, nayamba kugogoda m'makomo.

Ulendo umenewo sadzauiwala. Munthu amene ankalowa m'nyumba zimenezi anthu n'kumupatsa mpando wabwino, tsopano ankaima pakhomo ndi envulopu ngati wofuna ganyu. Ku Woodlands mwana wa malemu wina, wa galimoto ziwiri, anawerenga kalatayo nachita manyazi mpaka anasaina osawayang'ana kumaso. Ena ankawerenga, n'kuwerenganso, n'kufunsa kuti, "Nanga iyi yapamwamba inachoka kuti, ba Chulu?" Iwo ankati inachoka kwa anthu akufuna kwabwino. Palibe anakhulupirira. Amake Lemmy, mayi wamasiye wogulitsa zitumbuwa pa geti la msika, sadziwa kuwerenga, ndiye anauza mdzukulu wa mnansi awawerengere mokweza. Atamva kuti pa maliro a amuna awo panachepa K2,300, anadinda chala chawo. Pomatha sabata, msika wonse unadziwa kuti maploti a ku Makeni kulibe.

Mabanja makumi awiri anasaina. Awiri anavuta. Banja lina linali pa mlandu wolimbirana nyumba ya malemu, ndipo aliyense anakana kusaina pepala lililonse, ngakhale la moni. Kope la maliro amenewo analanda ndi iwo omwe kalekale. Enawo anali maliro a Gilson, wonyamula katundu pa siteshoni ya mabasi ya Intercity, munthu wa ku Petauke wopanda m'bale m'tauni. Anzake ndi oitanira mabasi anasonkha K21,000 m'chipewa, a Chulu anaisungitsa ku banki masiku awiri, mtembo unakwera lole kupita kwawo pamodzi ndi mapepala ake onse. Panalibe pulogalamu, panalibe lisiti, ndipo mwini lole anali atasamukira ku Nakonde.

A Chulu anabwera ndi nzeru. Anati munthu wa makompyuta uja angathe kupanga pulogalamu ya Gilson m'mphindi khumi, chithunzi atenge cha munthu wina aliyense wooneka wotopa.

"Pepala imozi ya boza izaononga twente za zoona," anatero a Helen. "Ndipo apo si msonkho futi, ni jele." Anatenga cholembera chofiira nalemba pa mizere iwiriyo kuti umboni palibe. Pamwamba pa fayilo anaikapo tsamba limodzi lofotokoza nkhani yonse mwachidule, ndi mndandanda wa masiku kuyambira pamene boma linapempha masitetimenti mpaka pamene anapereka kalata yokana. Kenako anawaphunzitsa amuna awo mayankhidwe. Ayankhe chimene afunsidwa basi. Ngati sakudziwa anene kuti sakudziwa. Asayambe ndi mbiri ya ku Katete.

Tsiku litafika anakwera minibasi kupita m'tauni, a Chulu atakumbatira fayilo, a Helen chikwama cha mapepala enieni. Wa misonkho anali bambo wa imvi pang'ono, dzina lake Musonda. Atangoona dzina lakuti Chulu ndi mudzi wa ku Katete, maso ake anawala. Iye anali Mbemba, ndipo pakati pa Abemba ndi anthu a kum'mawa pali chimbuya, chibale chonyozana chimene sichiopa ofesi kapena manda.

"Shani, ba Chulu? Nimwe bamene munagulisa misomali ya naini handiredi sauzande? Imwe ba kum'mawa, mbeba mwasiya, manje mudya misomali?"

"Ba Musonda," anayamba a Chulu, chifuwa chikukwera, "ine ninabwela mu Lusaka mu eite-eiti..."

Nsapato ya a Helen inapeza chala chawo pansi pa tebulo. A Chulu anakankhira fayilo kutsogolo.

A Musonda anawerenga tsamba lapamwamba, nthabwala n'kuzimiririka pang'onopang'ono. Anatambasula mapepala anayi omata aja mpaka anaphimba desiki. Sanayambire pa chiyambi. Anatseka maso, naloza chala pakati pa sitetimenti, natchula K4,000 ya pa 9 Okutobala 2023. A Helen anati ndi envulopu ya nambala 8. Inatsegulidwa: pulogalamu, chilolezo cha kumanda, tsamba la kope pamene panali dzina la wotumiza ndi K4,000 yake, lisiti ya bokosi ya pa 11, kalata ya banja. Analoza pena, nalozanso pena, kasanu ndi kamodzi, ndipo ulendo uliwonse envulopu inkayankha. Anapempha kuona malisiti enieni atatu, nawayerekeza ndi mafotokope, nabweza.

"Nanga aba babili ba ofiila?" anafunsa a Musonda, akuloza mizere yopanda umboni ija.

A Chulu anafotokoza za banja lolimbirana nyumba, kenako za Gilson. Anafotokoza mwachidule, zimene zinadabwitsa ngakhale akazi awo.

"Nakumvelani, ndipo mwina ni zoona," anatero a Musonda. "Koma ine sininga lembe mu lipoti kuti mudala enze na nkhope ya chilungamo. Palibe pepala, izankala malonda. Manje funso yanga ni iyi. Pamene munabwela poyamba banakufunsani. Apa balemba kuti munakamba kuti ni bizinesi. Chifukwa chani?"

A Helen sanapondenso chala cha munthu, funso limeneli linali la eni ake.

"Kumbuyo kwanga kwenze bantu, ba Musonda. Nenze kufuna bamvele."

"Bamvele kuti?"

"Kuti ndine muntu."

A Musonda anayang'ana mzere wa zotuluka, nayendetsa chala kutsika nawo mpaka pa K38,000. Anati iye sagamula pa tebulo, alemba lipoti kwa akuluakulu ake ndipo yankho lidzabwera pa kalata. Ngati sadzakhutira nalo, pali bwalo la apilo la nkhani za misonkho. Anadinda sitampa pa mndandanda wa mapepala amene analandira, napereka kope kwa a Helen. Anawalangiza kuti ndalama za maliro azitsegulira akaunti yakeyake, yosaina anthu awiri. Ali pakhomo anawaitananso. "Ba Chulu! Nikafa ine, musabwele na 'zakwana' wanu. Mubwele na aba amai."

Yankho linatenga milungu isanu ndi iwiri. M'milungu imeneyo a Chulu anaphwa ngati tayala. Ankatsegula shopu, n'kukhala mkati osatulukira pakhonde pamene ankakonda kuweruza nkhani za dziko. Ankaona ngati aliyense wodutsa akuwaseka, ndipo ena ankawasekadi, poti pamsika sipakhala chifundo chambiri. Wogulitsa matumba moyandikana nawo ankawafunsa m'mawa uliwonse kuti chimanga chabereka bwanji ku Makeni.

Kalata itafika, a Helen anaiwerengera m'shopu momwemo. Maliro makumi awiri anavomerezedwa. Awiri aja, K55,000 pamodzi, anatsala ngati malonda, ndipo msonkho wake ndi zilango zinakwana K3,700. Shopu inapulumuka. A Chulu anakhala pansi pa chitini cha penti. Atapeza mpweya anadandaula kuti Gilson, munthu amene moyo wake wonse sanakhomepo msonkho, wayamba kukhoma ali m'manda, ndiponso kudzera m'thumba la wina. A Helen anati alipire msanga chisanakwere, koma mu akaunti munali K1,150 yokha. Anagwirizana kuti mawa akapemphe kulipira pang'onopang'ono.

Nkhani pamsika imayenda kuposa moto. Pasanathe ola, pakhomo la shopu panaima amake Lemmy, beseni la zitumbuwa lili pamutu. Analitsitsa, namasula mfundo ya pa chitenje, natulutsa ndalama zopindapinda zonona mafuta. Anaziwerenga pa kauntala imodziimodzi, pakati pa maloko. Zinali K300.

"Amai, ni za chani izi?" anafunsa a Chulu, ataimirira msanga ndi kukonza kolala. "Musavutike, za..."

"Musakambe iyo mau," anatero amake Lemmy. "Ninamvela mwamene bananibelengela. Bamuna banga banayenda mu bokosi ya misomali yanu, ine osaziba, nenze kuyenda mutu pamwamba ati tinakwanisa teka." Anakankhira ndalamazo kutsogolo. "Izi nenze nasunga za malilo yanu. Nenze kufuna nikaponye mu mbale bantu baone. Manje naona kuti mwafa kale na manyazi, so tengani lelo. Koma mvelani, ba Chulu, siku yamene muzafa zoona musayembekezele futi. Nizabwela chabe kudya nkhuku."

Anasenza beseni lawo natuluka. A Chulu, munthu amene anaika anthu mazana osagwetsa msozi ndi umodzi womwe chifukwa chotanganidwa ndi mabasi, anatembenukira ku shelefu ya mapaipi nalira ngati mwana, mapewa akugwedezeka. A Helen anawasiya alire, iwo n'kumagulitsa loko kwa munthu amene anali atangolowa.